Boma Likachedwa Kulipira Katundu Amene Mwapereka

Tiyerekeze kuti mwapereka madesiki 200 ku dipatimenti ina ya boma, pamtengo wa K10,000,000. Mgwirizano ukuti malipiro adzabwera pasanathe masiku 30 chilandirireni invoisi, koma padutsa masiku 90 kuli zii.

Musanalembe kalata, onani tsiku limene invoisi idadindidwa kuti yalandiridwa, chifukwa masiku aja amawerengedwa kuyambira pamenepo. Onaninso ngati woyang'anira sitolo adasaina chikalata cholandirira katundu. Popanda chimenecho, a zachuma sakonza malipiro, ndipo fayilo imangogona.

Kalatayo ipite kwa mkulu woyang'anira chuma cha dipatimentiyo, amene mu unduna amakhala mlembi wamkulu. Tchulani nambala ya mgwirizano, ndime yokamba za malipiro, ndalama zotsala ndi masiku 60 amene apitirira. Chiwongola dzanja chitchuleni pokhapokha ngati mgwirizano ukuchilola. Funsaninso pamene pepala lolipirira laima: kudipatimentiko, kapena kwa Akauntanti Jenerale? Yankholo lidzakuuzani khomo loti mugogode.

Zikakanika, musathamangire kukhoti. Tsatani kaye ndime yothetsera mikangano, yomwe kawirikawiri imafuna zokambirana poyamba.