Fizi yakwera, nanga K20,000 iyi ili m'kati kapena pambali?

Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha idagwa mphamvu ndi 44 peresenti, teremu yoyamba ili m'kati. Mitengo ya sopo, choko ndi mapepala idakwera, ndipo makolo a ana a m'sukulu zomwe si zaboma adadziwiratu kuti kakalata ka fizi kali m'njira. Vuto la makalata oterewa ndi lakuti amalembedwa mothamanga, ndiye amasiya mafunso ambiri.

Tiyerekeze kalata yabwera m'chikwama cha mwana, yonena kuti kuyambira teremu ikubwerayi fizi yachoka pa K120,000 kufika pa K150,000. M'munsi mwake muli mzere wina: ndalama ya chitukuko, K20,000. Basi, kenaka chidindo ndi siginecha.

Mayi wa ana awiri pasukulupo akakhala pansi ndi cholembera, apeza kuti kalatayi ikhoza kumveka patatu. Ngati K20,000 ija ili kale m'kati mwa K150,000, palibe chowonjezera. Ngati ili pambali koma yolipira kamodzi pachaka, awonjezera K40,000. Koma ikakhala ya teremu iliyonse, ana awiri pa materemu atatu ndi K120,000, yofanana ndi fizi yakale ya mwana mmodzi teremu yathunthu. Kwa munthu wodalira geni ya tomato, umenewo ndi mpamba.

Ena amangolusa n'kuyamba kunena aphunzitsi kuti ndi akuba. Mayi wodziwa chomwe akufuna amalemba mwachidule: "A hedi, zikomo chifukwa cha kalata ija, taiwona. Timati mutithandize kumvetsa: kodi K20,000 ya chitukuko ili m'kati mwa K150,000 kapena ndi yapadera? Nanga ndi ya teremu iliyonse kapena ya chaka chonse?"

Funso lotere mphunzitsi wamkulu sangalizembe, chifukwa likutchula ndalama yeniyeni ndipo yankho lake ndi la mawu ochepa. Komanso silimukankhira pakona. Munthu amene wanenedwa kuti ndi wakuba amatanganidwa ndi kudziteteza, za K20,000 zija n'kuiwalika.

Kusukulu yaboma nkhani imasiyana pang'ono. Maphunziro a pulayimale adakhala aulere mu 1994, choncho kholo likauzidwa kuti lisonkhe ndalama ya mlonda kapena ya zimbudzi, lili ndi chifukwa chofunsira kuti zidagwirizanidwa pamsonkhano uti wa makolo ndi aphunzitsi, komanso kuti komiti yasukulu ikuzidziwa kapena ayi. Yankho likapanda kumveka, nkhani imapita kwa mlangizi wa maphunziro wa zoniyo.

Kulikonseko, yankho lapakamwa pakhomo la ofesi silikwanira, chifukwa wolandira ndalama nthawi zambiri sakhala yemwe adayankha uja. Kholo lipemphe kuti sukulu ilembenso kalata yomveka kwa makolo onse, ndipo polipira liwonetsetse kuti lisiti latchula padera fizi, ndalama ya chitukuko ndi teremu yomwe yalipiridwa.