Poto mmodzi, mazira a mbalame zinayi

Dzira la zinziri limalemera magalamu 10 kapena 12 basi. La nkhuku yoikira ya pafamu limakhala pakati pa magalamu 55 ndi 60, kutanthauza kuti pamafunika mazira asanu a zinziri kuti afanane ndi limodzi la nkhuku. Munthu atamva zimenezi angaganize kuti ngati la nkhuku limapsa pa mphindi 10, la zinziri lipsa pa mphindi 2. Akatero adzapeza chachikasu chake chikadali chamadzimadzi. Limafuna mphindi pafupifupi 4 kuti liume mpaka pakati, ndipo chifukwa chake n'chimene chimathandizanso kudziwa kaphikidwe ka mazira a bakha ndi a nkhanga.

Tiyambe ndi kukula kwake. La bakha ndiye lalikulu pa onsewa, nthawi zambiri magalamu 70 mpaka 80, ndipo chigoba chake chimakhala chosalala ngati chapakidwa mafuta. La nkhanga limakhala cha m'ma 40, losongoka mbali imodzi, lotuwirako ndi timadontho tofiirira. Pa kukula limafanana ndi la nkhuku yachikuda, chifukwa nalonso la chikuda silifika pa la pafamu. Apa m'pofunika kusamala: mabuku a zophikaphika akamati "dzira limodzi" amatanthauza lalikulu la pafamu lija, osati la nkhuku yoyenda pabwalo. Amene amaphika ndi mazira a chikuda azidziwerengera ngati akuphika a nkhanga.

Kutentha kumalowa m'dzira kuchokera kunja, n'kumayenda pang'onopang'ono mpaka kukafika pakati. Choyera chimayamba kugwirana chikatentha madigiri 62 kapena kupitirirako pang'ono, pamene chachikasu chimauma chikayandikira madigiri 70. Ndiye chimene chimalamula nthawi ndi mtunda wochokera pachigoba kukafika pakati pa chachikasu, osati kulemera kwa dzira lonse. Zili ngati mbatata mumphika: yaikulu kuwirikiza kawiri siitenga nthawi yowirikiza kawiri, koma yonenepa ndi imene imatsalira yaiwisi pakati. Dzira la zinziri ndi lopepuka kasanu, inde, koma m'mimba mwake ndi loposa theka la dzira la nkhuku. N'chifukwa chake limatenga magawo awiri mwa magawo asanu a nthawi ya la nkhuku. Mwa njira yomweyo, la bakha limaposa la nkhuku ndi magalamu 15 kapena 20, koma limangowonjezera mphindi ziwiri.

Tiyerekeze kuti pakhomo pabwera alendo ndipo m'nyumba muli mazira awiri a bakha, atatu a nkhuku za pafamu, anayi a nkhanga ndi khumi a zinziri. Mbaula ndi imodzi, makala ndi ochepa, ndipo onsewa akufunika owiritsa mpaka kuuma. Palibe chifukwa chotereka mapoto anayi. Tengani poto wamkulu, thirani madzi ochuluka oti mazira onse amire, dikirani mpaka madziwo abwadamuke. Ikani a bakha ndi supuni, mowatsitsa bwino kuti asagunde pansi, n'kuyang'ana nthawi. Pakatha mphindi 2 ikani a nkhuku. Pakathanso mphindi zina 2 ikani a nkhanga. Ikafika mphindi ya 8 kuchokera poyamba paja, tsitsani a zinziri onse pamodzi. Pa mphindi ya 12 chotsani poto pamoto, tayani madzi otentha, thirani ozizira. Mukawerengera mupeza kuti a bakha apsa mphindi 12, a nkhuku 10, a nkhanga 8 ndipo a zinziri 4.

Chimene chimasokoneza dongosolo limeneli ndi kuchepa kwa madzi. Nthawi iliyonse mukaika mazira ena, madzi amazizirako n'kusiya kuwira. Ngati madzi ndi ambiri ndipo moto uli wamphamvu, amayambiranso kuwira posakhalitsa. Ngati ali pang'ono, kapena makala ayamba kuzilala, amatha mphindi yathunthu ali zii, ndipo amene amavutika kwambiri ndi a bakha, omwe pakati pake pali patali. Choncho kupizani moto musanaike gulu lililonse. Mazira ochokera m'firiji amafuna mphindi imodzi yowonjezera, kupatula a zinziri amene theka la mphindi limawakwanira. Malo amene mukukhala nawonso ali ndi mbali yake. Kumalo okwera ngati ku Dedza, komwe ndi mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, madzi amawira asanafike madigiri 100, cha m'ma 95. Kumeneko onjezerani mphindi imodzi pa mazira akuluakuluwo, pamene ku Nsanje nthawi tatchulazi zimakwanira.

Kuzindikira kuti mwalakwitsa n'kosavuta. Mukalidula n'kupeza pakati pa chachikasu pali ponyowa ndi podera kuposa m'mbali, nthawi inachepa. Mukapeza mzere wobiriwira motuwa wazungulira chachikasu, ndi kafungo kamene kamadzaza m'basi munthu akatsegula kontena yake, nthawi inapitirira. Mzerewo umabwera chifukwa safa wochokera m'choyera wakumana ndi ayironi wa m'chachikasu. Suvulaza munthu, koma chachikasu chimakhala chafumbifumbi, chotsamwitsa. Madzi ozizira aja ndi amene amaletsa dzira kupitiriza kupsa ndi kutentha kwake komwe. Kwa zinziri zimenezi si zochita mwaulesi, chifukwa mphindi imodzi yokha pa dzira laling'ono chotero ndi yaitali.

Okonda dzira lofewa pakati angawiritse la nkhuku mphindi 6, la nkhanga 4 kapena 5, la zinziri 2 ndi theka. La bakha sindingalimbikitse munthu kulidya lofewa. Abakha amaikira paliponse, pamatope ndi pandowe pomwe, ndipo timabowo ta chigoba chawo ndi tokulirapo kuposa ta dzira la nkhuku, moti tizilombo totsegula m'mimba monga salimonela timatha kulowa mosavuta. Liziphikidwa mpaka choyera ndi chachikasu zonse ziume. Ana aang'ono, amayi oyembekezera, okalamba ndi odwala azidya mazira opsa bwino, kaya ndi a mbalame iti.

Pa kakomedwe, kusiyana kwakukulu kuli pa bakha. Chachikasu chake ndi chachikulu ndipo chili ndi mafuta ambiri: pa magalamu 100 a dzira la bakha pamakhala mafuta pafupifupi magalamu 14, pamene la nkhuku lili ndi 10. Ndiye limanona, limamatirira m'kamwa, ndipo limodzi lokha limakhutitsa. Ena amalikana ponena kuti limanunkha nsomba. Nthawi zina akunena zoona, koma vuto limakhala chakudya cha bakhayo. Amene amasambira m'madambo n'kumadya nkhono ndi tizilombo ta m'madzi, kapena amene amapatsidwa zotsalira za usipa, fungo lake limafika m'dzira. Wodyetsedwa madeya ndi masamba dzira lake silikhala ndi fungo lotero. Choyera cha dzira la bakha chili ndi madzi ochepa, choncho mukalikazinga pachiwaya chotentha kwambiri chimalimba n'kumatafunika movuta. Chepetsani moto, vundikirani chiwaya, nthunzi imalize kupsereza pamwamba.

La nkhanga, kunena mosabisa, ndi limene ine ndimaliika patsogolo likakhala lowiritsa. Limakoma ngati la nkhuku yachikuda koma mowonjezerako, ndipo chachikasu chake chimakhala chofiirira chifukwa nkhanga imatha tsiku lonse ikutola ziwala, njere ndi msipu. Mtundu umenewo umachokera ku chakudya, si chizindikiro choti dziralo lili ndi mphamvu kuposa anzake. Chodabwitsa pa dzira limeneli ndi chigoba. N'cholimba kwambiri moti kuligogoda m'mphepete mwa mbale monga tichitira ndi la nkhuku sikuphula kanthu. Limafuna kulimenya ndi msana wa mpeni kamodzi mwamphamvu, ndipo ndi bwino kuswera m'kapu kaye kuti tizidutswa tisagwere m'ndiwo. Kulimba komweko kumalithandiza kuti lisasweke paulendo kapena m'poto, ndiponso limasungika nthawi yaitali kuposa la nkhuku. Vuto lake ndi lakuti nkhanga zoweta kumudzi zimaikira kwambiri nyengo ya mvula, ndiponso zimabisa zisa zawo kutchire. Dzira lotola kuchisa simudziwa tsiku limene linaikiridwa, mwinanso nkhanga inayamba kale kulifungatira. Liyeseni m'madzi: latsopano limamira n'kugona chammbali, lokhalitsa limaimirira, ndipo loyandama ndi lotaya.

La zinziri silisiyana kwenikweni ndi la nkhuku pa kakomedwe, kungoti gawo la chachikasu ndi lokulirapo. Pali anthu amene amaligulitsa ngati mankhwala a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi mphumu. Ndi chakudya chabwino, koma si mankhwala, ndipo mapuloteni ake pa magalamu 100 ndi pafupifupi 13, osatalikirana ndi a dzira la nkhuku. Ntchito yake yaikulu ili pa kuswa ndi kusenda. Chigoba n'chopyapyala koma kachikopa ka m'kati n'kolimba, moti mukaligogoda laliwisi limangophwanyika osatseguka. Dulani kumutu kwake ndi nsonga ya mpeni n'kulikhuthula. Lowiritsa likazizira, ligubuduzeni patebulo ndi chikhatho mpaka chigoba ching'aluke paliponse, kenako yambani kusenda kumbali yonenepa kumene kuli kampata ka mpweya. Mukagwira kachikopa kaja, chigoba chonse chimatsatira. Mazira oikiridwa dzulo, a mbalame iliyonse, amavuta kusenda, choncho owiritsa ndi bwino akhale atagona sabata imodzi.

Pophika keke kapena chikondamoyo, werengani kulemera, osati chiwerengero cha mazira. Dzira lalikulu la nkhuku likachotsedwa chigoba limatsala magalamu pafupifupi 50, ndiye keke yofuna mazira 3 ikufuna magalamu 150. Awiri a bakha amapereka cha m'ma 130, ndipo zotsalazo mungakwaniritse ndi supuni imodzi kapena ziwiri za mkaka. Keke yake imatuluka yonona ndi yachikasu kwambiri, moti majarini mungachepetseko pang'ono. Mukaika atatu a bakha m'malo mwa atatu a nkhuku, keke imalemera ndipo pakati pamachedwa kupsa kunja kutada kale. A nkhanga pamafunika anayi akakhala akulu, asanu akakhala ang'onoang'ono, chifukwa chigoba chawo n'chokhuthala ndi cholemera. A zinziri pangafunike 16 kapena 17, ndipo poti lililonse liyenera kudulidwa ndi mpeni, ndi bwino kuwasungira kuwiritsa n'kuwaika athunthu mu supu wa tomato ndi anyezi, poto atatsala pang'ono kuphulidwa kuti asalimbe.