Mneni Woyamba Ndiye Amalamula

M'Chichewa timati "ndikufuna kuphika" kapena "ndimasangalala ndi kuphika", ndipo "ku-" yemweyo amakwanira monsemo. Chingerezi sichitero. Mneni woyamba ndiye amasankha maonekedwe a mneni womutsatira.

"Want" amayenda ndi "to": "I want to cook". Koma "enjoy" salola "to" ngakhale pang'ono. Amafuna mneni wothera ndi "-ing", monga "I enjoy cooking". Wolemba "I enjoy to cook" pamayeso wataya malikisi.

Wovutitsa kwambiri ndi "suggest". Popeza "She wants me to go" n'chiganizo cholondola, ambiri amayesa kuti "She suggested me to go" n'cholondolanso. Ayi ndithu. Ineyo ndimachimva ngakhale pakamwa pa anthu ophunzira bwino. Ngati mayiyo anangopereka maganizo oti kupitidwe, osatchula wopitayo, nenani "She suggested going". Ngati wopitayo ndinu nokha, ikani "that": "She suggested that I go".

Tanthauzo la mneni silingakuuzeni zonsezi. Mukamaloweza mneni watsopano, mulowezeni pamodzi ndi womutsatira wake.