Mafunso a kafukufuku oyenera mwana wa Sitandade 3

Ochita kafukufuku m'sukulu za pulaimale ku Malawi kuno azikumbukira kuti ana ambiri a Sitandade 3 amakhala akuwerengabe mophatikiza zilembo. Mwana wotereyu mukamupatsa pepala lodzaza mafunso, amangochonga mmene wachongera mnzake.

Nenani kuti tikufuna kudziwa ngati ana amabwera kusukulu ndi njala. Funso loti “Kodi nthawi zambiri mumadya mokwanira?” nlosathandiza, chifukwa mwana wa zaka 8 sangaphatikize masiku ambiri m'mutu mwake. Funsani za lero: “Kodi wadya chilichonse usanabwere kusukulu?” Mayankho akhale atatu okha: inde, ayi, sindikukumbuka. Za phala la kusukulu zikhale ndi funso lakelake, pakuti mukafunsa zinthu ziwiri pamodzi, simungadziwe kuti “inde” akuyankha chiti.

Ine ndimaona kuti mafunso 10 ndi okwanira, ndipo wofunsa aziwerenga mokweza, limodzilimodzi. Wofunsayo asakhale mphunzitsi wawo, chifukwa ana amayesa ndi mayeso, n'kumasankha yankho lomusangalatsa.

Yambani mwayesa mafunsowo pa ana ochepa, aliyense afotokoze m'mawu ake zomwe wamva. Akanena kuti tiyi si chakudya, onjezani mawu oti “kapena kumwa tiyi”.