Malikisi otayika panjira: momwe kufupikitsa nambala msanga kumasinthira zotsatira za wophunzira

Zotsatira za mayeso zikatuluka pakoleji, nambala imene imapweteka kwambiri ndi 49. Wopeza 30 amadziwa kuti sanawerenge ndipo sadandaula nthawi yaitali. Koma wopeza 49 pamene pokhozera ndi 50 amabwerera mayeso onse m'maganizo, kufunafuna funso limene linamudyera malikisi amodziwo. Nthawi zina funsolo kulibe. Malikisiwo sanatayike m'chipinda cholembera mayeso ayi, anatayika pa tebulo la amene ankawonkhetsa, pamene anayamba kudula tizidutswa ta nambala kuwonkhetsako kusanathe.

Kufupikitsa nambala aliyense anakuphunzira ku pulayimale. Nambala ikakhala ndi kachidutswa kumapeto, monga 11.4, imakankhidwira ku nambala yathunthu imene yayandikana nayo. Kachidutswa kosakwana theka kamatayidwa, ndiye 11.4 imasanduka 11. Kakafika theka kapena kupitirira, nambala imakwera, ndiye 10.6 imasanduka 11. Lamuloli lilibe vuto. Nkhani yagona pa nthawi imene munthu waligwiritsa ntchito, chifukwa kufupikitsa kamodzi pamapeto ndi kufupikitsa gawo lililonse palokha kumatha kutulutsa mayankho awiri osiyana kuchokera ku mapepala omwewo.

M'makoleji ndi m'mayunivesite ambiri, malikisi a phunziro limodzi sachokera ku mayeso omaliza okha. Pamakhala ntchito yolembera kunyumba, mayeso apakati pa semesita, kenako mayeso aakulu, ndipo chilichonse chimakhala ndi kulemera kwake. Tayerekezani phunziro limene asainimenti imatenga 20 peresenti, mayeso apakati 20 peresenti, mayeso omaliza 60 peresenti, ndipo pokhozera ndi 50.

Mtsikana wina wapeza 57 pa 100 pa asainimenti, 47 pa mayeso apakati ndi 49 pa mayeso omaliza. Kuti malikisiwa alowe pa chiwerengero chimodzi, aliwonse amachulukitsidwa ndi kulemera kwake. Asainimenti ija, 57 kuchulukitsa ndi 0.2, ikupereka 11.4. Mayeso apakati akupereka 9.4, ndipo omaliza, 49 kuchulukitsa ndi 0.6, akupereka 29.4. Zitatuzi pamodzi ndi 50.2. Mtsikanayu wakhoza, ngakhale kuti wadutsira pa mpata wopapatiza.

Koma fomu imene aphunzitsi apatsidwa ili ndi timabokosi tongokwana nambala zathunthu. Iwo alemba 11, 9 ndi 29, chifukwa paliponse kachidutswa kanali 0.4, kosakwana theka. Kuwonkhetsa kukupereka 49. Palibe amene wabera mtsikanayu, palibe pepala limene lachongedwa molakwika, komabe 0.4 yatayidwa katatu, ndipo 1.2 yonseyo yamuchotsa pa gulu la okhoza n'kumuika pa mndandanda wa olemba sapu.

Mnzake wa m'kalasi lomwelo, mnyamata, wapeza 53, 48 ndi 48. Akawerengera bwinobwino, magawo ake ndi 10.6, 9.6 ndi 28.8, ndipo pamodzi ndi 49.0 ndendende. Sanafike pokhozera. Koma pa fomu ija tizidutswa take tonse tapitirira theka, motero talembedwa 11, 10 ndi 29. Yankho lake ndi 50.

Apa ndi pamene nkhaniyi imawawira. Amene anapeza 50.2 walephera, amene anapeza 49.0 wakhoza. Mtsikanayu anaposa mnzakeyo ndi malikisi opitirira amodzi, koma pa bolodi la zotsatira ali pansi pake. Chimene chawasiyanitsa ndi mwayi wa pamene tizidutswa tawo tinagwera, ndipo mwayi suyenera kukhala ndi gawo pa satifiketi ya munthu.

Kodi kulakwika kotereku kungakule mpaka pati? Kufupikitsa kumodzi sikungasunthe nambala kuposa theka la malikisi amodzi. Magawo atatu ofupikitsidwa payekhapayekha angasunthe chiwerengero chonse mpaka 1.5, kukwera kapena kutsika. Phunziro limene lili ndi timayeso khumi ta mlungu ndi mlungu, kalikonse kofupikitsidwa kakatha kuchulukitsidwa ndi kulemera kwake, lingasunthe mpaka malikisi 5. Kawirikawiri sizifika pamenepo, popeza kwina nambala imakwera kwina n'kutsika, zonse n'kutsala pang'ono kufafanizana. N'chifukwa chake vutoli limabisala. Avereji ya kalasi lonse imaoneka yabwinobwino, ndipo wa 75 akasanduka wa 74 palibe amene amazindikira. Amene amavulala ndi ochepa aja amene aima pa malire enieni.

Pali kusiyana kwina kumene ngakhale aphunzitsi ena sakuona. Kufupikitsa peresenti ya pepala isanachulukitsidwe ndi kulemera kwake sikuwononga kwambiri. Wophunzira akapeza 17 pa 30, imeneyo ndi 56.67 peresenti, ndipo ikalembedwa 57 yawonjezeka ndi 0.33. Ikachulukitsidwa ndi 0.2, chowonjezekacho chimachepa n'kukhala chosakwana 0.07. Mwa njira imeneyi, kaya magawo achuluke bwanji, chiwerengero chonse sichingasunthe kuposa theka la malikisi. Kufupikitsa pambuyo pochulukitsa, monga zinachitikira pa fomu ija, ndiko kumasiya kulakwika kulikonse kuli kwathunthu n'kumaunjikana.

Njira ina imene malikisi amasinthira ndi kufupikitsa kawiri motsatizana. Wophunzira ali ndi 49.46. Kompyuta ya dipatimenti yaitulutsa ngati 49.5, poti imasonyeza desimali imodzi yokha. Pepalalo likafika ku ofesi ina, wolemba akuona 49.5 ndipo akuikweza kukhala 50. Chikhala kuti 49.46 inafupikitsidwa kamodzi kokha, ikanakhala 49, pakuti 0.46 ndi yosakwana theka. Nambala zonse kuyambira 49.45 mpaka 49.49 zimawoloka malire mwa njira imeneyi, ndipo zimawolokera mbali imodzi yokha, yokwera.

Zoterezi zimafikanso pa mtundu wa digiri. M'mayunivesite ambiri a ku Britain, avereji ya 70 ndiyo imapatsa munthu digiri ya kalasi yoyamba. Wophunzira amene wapeza 69.5, 69.5, 68.5 ndi 69.5 pa maphunziro anayi olemera mofanana ali ndi avereji ya 69.25, imene ikafupikitsidwa ndi 69. Phunziro lililonse likafupikitsidwa kaye, malikisi ake amakhala 70, 70, 69 ndi 70, avereji n'kukhala 69.75, ndipo pasukulu imene imalola kukwezanso avereji, imeneyo ndi 70. Mapepala ndi omwewo, koma digiri yasintha kalasi. Ena anganene kuti bola pamenepa wophunzira wapindula. Komatu mnzake amene ali ndi 69.4 m'maphunziro onse anayi, yemwe avereji yake yeniyeni ndi yokwera kuposa ya woyambayo, watsala pa 69.

Nkhani ya malire ndi nambala yofupikitsidwa inasokonezapo ngakhale chisankho. M'chaka cha 1992, m'chigawo cha Schleswig-Holstein ku Germany, chipani chinkafunika kupeza mavoti osachepera 5 peresenti kuti chikhale ndi mipando m'nyumba ya malamulo ya chigawocho. Chipani chomenyera chilengedwe chinasonyezedwa kuti chapeza 5.0 peresenti, mpaka pamene zinadziwika kuti nambala yeniyeni inali 4.97. Mipando imene chinkaoneka ngati chapata inachoka.

Kompyuta payokha siteteza munthu ku vutoli, ndipo nthawi zina imasocheretsa. Pulogalamu ya Excel, imene aphunzitsi ambiri amawonkhetsera malikisi, imatha kusonyeza nambala yofupikitsidwa kwinaku ikusunga yathunthu mkati. Mphunzitsi akailamula kuti isasonyeze madesimali, mzere wa mtsikana uja uoneka chonchi: 11, 9, 29, kenako 50. Woyang'ana mwachangu aganiza kuti makina alakwitsa, poti nambala zitatuzo zikuoneka kuti zikupanga 49, chonsecho makinawo ndiwo alondola, chifukwa awonkhetsa 11.4, 9.4 ndi 29.4. Ngozi imabwera munthu akasindikiza pepalalo, wina n'kulembanso pamanja nambala zimene akuziona, kapena akaika lamulo la ROUND pa gawo lililonse. Palinso batani lotchedwa Set precision as displayed, limene likasankhidwa limachititsa Excel kuwerengera ndi nambala zooneka zokhazo, ndipo tizidutswa ta nambala zimene zinalembedwa kale timatayikiratu osabwereranso.

Njira yosamala ndi yosavuta. Malikisi a pepala lililonse alowe monga achongedwera, 17 pa 30 akhale 17 pa 30, ndipo kufupikitsa kuchitike kamodzi, pa bokosi lomaliza:

```
=ROUND(A2*0.2+B2*0.2+C2*0.6,0)
```

Pamenepa A2, B2 ndi C2 ndi mabokosi amene muli peresenti ya asainimenti, ya mayeso apakati ndi ya mayeso omaliza. Kwa mtsikana uja yankho ndi 50, kwa mnyamata ndi 49.

Chilinganizo chabwino sichikwanira ngati sukulu ilibe lamulo lolembedwa. Kodi 49.5 ndi kukhoza? Sukulu ina imakweza, ina imafuna 50.0 yeniyeni, ndipo iliyonse ili ndi ufulu wosankha. Chosayenera n'chakuti mphunzitsi wa kalasi ili azifupikitsa gawo lililonse pamene wa kalasi linalo akudikira mapeto, ophunzira a phunziro limodzi n'kumayezedwa ndi miyeso iwiri. Lamulolo linene pamene kufupikitsa kumachitikira, madesimali angati amasungidwa, ndiponso chimene chimachitika nambala ikagwera pa theka penipeni. Ophunzira alidziwe semesita ikamayamba, asanalembe ngakhale pepala limodzi.

Pali chizindikiro chimene wophunzira kapena kholo angathe kuona yekha. Nambala ikachulukitsidwa ndi 0.2 kapena 0.6, nthawi zambiri imatuluka ndi kachidutswa: pa nambala zathunthu zisanu zotsatizana, imodzi yokha ndiyo imatuluka yathunthu. Choncho pepala la zotsatira limene magawo onse a ophunzira onse ndi nambala zathunthu likusonyeza kuti pena pake pafupikitsidwa, kaya pongosonyeza chabe kapena powerengera penipeni. Kuti munthu adziwe chimene chachitika pa ziwirizi, awonkhetse nambala zooneka pa mizere ingapo. Zikamagwirizana ndi chiwerengero chonse pa mzere uliwonse, n'kutheka kwambiri kuti tizidutswa tinatayidwa msanga.

Kwa inu amene mwatsalira ndi malikisi amodzi kapena awiri kuti mufike pa malire, sungani mapepala anu onse ochongedwa, funsani kulemera kwa gawo lililonse, ndipo muwerengere nokha osadula kanthu mpaka pamapeto. Yankho lanu likasiyana ndi la pa bolodi, lembani kalata yopempha kuti malikisi awonkhetsedwenso, muikemo mawerengedwe anuwo, ndipo muipereke nthawi yolandira madandaulo isanathe.