Wina alowe 7 koloko, wina 9 koloko: maola osinthasintha mu ofesi

Mu 1967, kampani yopanga ndege ya Bölkow, yomwe pambuyo pake inadzadziwika ndi dzina la Messerschmitt-Bölkow-Blohm, inali pa vuto lomwe aliyense wokwera minibasi ya m'mawa angalimvetse. Antchito ake a ku Ottobrunn, kufupi ndi mzinda wa Munich ku Germany, ankalowa ntchito nthawi imodzi ndi kuweruka nthawi imodzi. M'mawa magalimoto ankathithikana pamsewu wopita kumeneko, anthu n'kumafika mochedwa atatopa kale. Madzulo ambiri ankayamba kulongedza nthawi isanakwane pofuna kuthawa mdipiti wa pachipata.

Kampaniyo sinaopseze ochedwawo ndi makalata. Inagawa tsiku pawiri. Maola a pakati pa tsiku inawasiya kuti aliyense azipezeka pa ntchito, koma a m'mawa ndi a madzulo inalola munthu kusankha yekha nthawi yolowera ndi yowerukira, malinga akwanitse maola ake onse. Chaka chomwecho kampani ya Hewlett-Packard inayamba zofananazo pa fakitale yake ya ku Böblingen, ndipo mu 1973 inazifikitsa ku America. Lero ku Britain, kuyambira pa 6 Epulo 2024, wantchito ali ndi ufulu wopempha maola osinthasintha kuyambira tsiku loyamba pa ntchito, ngakhale kuti bwana atha kukana pa zifukwa zomwe lamulo linatchula.

Amene amachokera ku Area 25 kapena ku Area 49 kupita ku City Centre mu Lilongwe, kapena amene amadutsa msewu wa Masauko Chipembere m'mawa mu Blantyre, akudziwa kuti ulendo wa 6 koloko ndi wa 7:15 ndi maulendo awiri osiyana, ngakhale msewu ndi womwewo. Choncho ganizo la ku Ottobrunn si lachilendo kuno. Chimene chimavuta ndi kulikonza bwino, ndipo pogona nkhani ndi pa maola a pakati aja, omwe tingawatche nthawi ya onse.

Nthawi ya onse ndi maola amene munthu aliyense wa mu ofesi ayenera kupezeka, osapereka chifukwa. Misonkhano imachitika pamenepo. Wofuna kuti fomu yake isayinidwe, wofuna kufunsa mnzake za lipoti, bwana wofuna kugawa ntchito, onse amadziwa kuti m'maola amenewa amupeza munthu pa mpando wake. Kunja kwa maola amenewa munthu ndi mwini nthawi yake.

Tiyerekeze ofesi ya anthu asanu ndi atatu: manijala, akauntanti, makalaliki awiri, mlembi wa polandirira alendo, ndi atatu olemba malipoti a mapulojekiti. Amagwira maola 40 pa sabata, kutanthauza maola 8 pa tsiku kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, osawerengera nthawi ya nkhomaliro.

Choyamba kugwirizana ndi malire a tsiku. Ofesi izitsegulidwa nthawi yanji, izitsekedwa nthawi yanji? Apa sipafunika nzeru za m'mabuku, pafunika kufunsa amene amasunga makiyi, mlonda, ndiponso amene amayatsa jenereta magetsi akathima. Tinene kuti agwirizana pa 7 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo. Ola lililonse limene munthu wagwira kunja kwa malire amenewa siliwerengedwa, pokhapokha ngati bwana anachita kulamula.

Kenako amaika nthawi ya onse: 9 koloko mpaka 12 koloko, ndi 1:30 mpaka 3:30 masana. Awa ndi maola asanu. Maola atatu otsalawo munthu amawaika kumene akufuna, m'mawa pakati pa 7 ndi 9 koloko, madzulo pakati pa 3:30 ndi 6 koloko, kapenanso pakati pa 12 koloko ndi 1:30, ngakhale kuti theka la ola lopuma masana ndi lokakamiza. Kalaliki wokhala kutali amene amakonda kulawira atha kulowa 7 koloko, kudya kwa theka la ola, n'kuweruka 3:30, masiteji asanadzaze. Mayi amene amayamba wakasiya mwana kusukulu atha kulowa 9 koloko, kupuma ola lathunthu, n'kuweruka 6 koloko. Onse awiri agwira maola 8, ndipo kwa maola asanu anali limodzi. Msilamu wa mu ofesiyo amapezanso mpata wa ola limodzi ndi theka wopita kumzikiti Lachisanu popanda kupempha chilolezo sabata iliyonse.

N'chifukwa chiyani maola asanu, osati asanu ndi awiri kapena awiri? Apa ndi pamene mabwana ambiri amalakwitsa. Bwana wamantha amaika nthawi ya onse kuyambira 8:30 mpaka 4:30, ndiye kuti wantchito watsala ndi theka la ola mbali iyi ndi theka mbali inayo. Theka la ola silichotsa munthu mu mdipiti wa magalimoto, ndipo silikwanira kukatenga mwana kusukulu. Dzina lasintha koma moyo ndi womwe uja. Bwana wofuna kukondweretsa anthu naye amaika maola awiri okha, ndipo misonkhano yonse imapanikizana m'maola awiriwo, moti palibenso mpata woti anthu angofunsana zinthu. Njira yabwino yopezera muyeso ndi kutenga kalendala ya mwezi wathawu n'kuwerenga maola amene anthu anafunikadi kukhala pamodzi: misonkhano, kusayinitsa, kuphunzitsa watsopano. Pa zimenezo n'kuwonjezerapo mpata wa zogwa mwadzidzidzi. Kwa ofesi ya maola 8, maola anayi kapena asanu ndi amene amasiya malo okwanira mbali zonse.

Mfundo yachiwiri ndi ya kawerengedwe. Maola osinthasintha amakoma akamawerengedwa pa masabata anayi, osati tsiku ndi tsiku. Masabata anayi a maola 40 ndi maola 160. Ofesi imagwirizana kuti munthu atha kudutsa nawo mwezi maola oposerapo osapitirira 8, kapena ngongole ya maola osapitirira 4. Oposa pamenepo amatayika, ndipo ngongole yoposa pamenepo imafuna kukambirana ndi bwana.

Taonani akauntanti wa mu ofesi yathu ija. Sabata ya kumapeto kwa mwezi, pamene akukonza malipiro ndi kutseka mabuku, amalowa 7:30, kupuma theka la ola, n'kuweruka 5:30. Awa ndi maola 9 ndi theka pa tsiku, ndipo pa masiku asanu akukwana 47 ndi theka. Wasunga maola 7 ndi theka. Mwezi ukayamba, ntchito itaphwa, amawabweza poweruka 3:30 kwa masiku angapo. Kale maola amenewo ankangopita pachabe, iye n'kumangoyamikiridwa pakamwa kuti ndi wolimbikira.

Nambala ya 47 ndi theka ija ili pamalire penipeni. Lamulo la zantchito la dziko la Malawi la chaka cha 2000 limati maola ogwira ntchito mwanthawi zonse asapitirire 48 pa sabata. Kusinthasintha maola sikufafaniza lamuloli, ndipo sikufafanizanso ovataimu. Kusiyana kwake n'kwakuti maola osungidwa munthu amasankha yekha kuwagwira mkati mwa malire a tsiku, pamene ovataimu ndi ntchito imene bwana walamula kupitirira maola a mu kontirakiti, ndipo imalipidwa. Bwana amene walamula anthu kutsala mpaka usiku kenako n'kuwauza kuti adzabweze okha nthawiyo, wawabera. Izi ziyenera kulembedwa poyera kuyambira tsiku loyamba. Zolembera sizifuna makina odula. Rejisitala yosayina pakhomo kapena tebulo la pa kompyuta lomwe aliyense amalembapo nthawi yolowera, yopuma ndi yowerukira, manijala n'kumaliona kumapeto kwa sabata, n'zokwanira kwa anthu asanu ndi atatu.

Ndiye pali makasitomala, omwe sadziwa za nthawi ya onse ndipo alibe nazo ntchito. Ngati chikwangwani pakhomo chikunena kuti ofesi imathandiza anthu kuyambira 8 koloko mpaka 5 koloko, pali mipata iwiri yofunika kutseka: 8 mpaka 9 koloko m'mawa, ndi 3:30 mpaka 5 koloko madzulo, osaiwala nthawi ya nkhomaliro. Imatsekedwa ndi ndandanda ya kasinthasintha, yoti mpata uliwonse pazikhala anthu awiri, ndipo mmodzi akhale woti atha kupanga chiganizo kapena kusayina. Ndandandayi izituluka sabata isanayambe. Popanda iyo, Lachisanu ikangokwana 3:30 ofesi yonse imatsala mipando yokhayokha, lamya ikulira. Ndipo amene amatsala nthawi zonse ndi mlembi wa polandirira alendo, yemwe ntchito yake imamumanga pa mpando. Chilungamo chimafuna kuti makalaliki aphunzire kugwira desiki yake, kuti nayenso masiku ena aziweruka msanga. Akapanda kutero, dongosolo lonse limaoneka ngati mwayi wa akuluakulu okha, ndipo kung'ung'udza kumayambira pomwepo.

Komabe amene amapha dongosololi kawirikawiri ndi bwana mwini. Tsiku lina aitanitsa msonkhano wa 8 koloko chifukwa ndi nthawi imene iye amafika. Tsiku lina waika wina 4:30. Palibe amene angakane kuitana kwa bwana, ndiye mayi uja ayamba kupempha mnansi kuti azikamusiyira mwana kusukulu, kalaliki uja ayamba kulowa 7 koloko n'kuweruka 5 koloko. Pakatha miyezi iwiri, nthawi ya onse yatambasuka yokha popanda amene analengeza. Palinso kupha kwa m'maso chabe. Bwana amene amaona munthu akutuluka 3:30 n'kufunsa kuti, "Mwaweruka kale?" waiwala kuti pamene iye ankasamba, mnzakeyo anali atayatsa kale kompyuta. Mawu amodzi otere pamaso pa anthu ndi okwanira kuti ena onse aope kugwiritsa ntchito ufulu umene anapatsidwa.

Zizindikiro zoti zinthu zayamba kupotoka zimaoneka m'mabuku omwewo. Ngati anthu ambiri akutaya maola mwezi ndi mwezi chifukwa apitirira 8 aja, ntchito yachuluka kuposa anthu, ndipo kusinthasintha kukungobisa vutolo. Ngati munthu mmodzi amakhala pa ngongole mwezi uliwonse, kapena amafika 9:20 pamene nthawi ya onse inayamba 9 koloko, nkhaniyo ndi ya iyeyo, ndipo ikambidwe ndi iyeyo. Si chifukwa cholandira anthu asanu ndi awiri enawo ufulu wawo. Ngati mayina omwewo ndi amene amaoneka pa ndandanda ya Lachisanu madzulo, ndandandayo ikonzedwenso.

Ofesi yofuna kuyamba iyese kaye kwa miyezi itatu, kuti idutse kumapeto kwa mwezi katatu, n'kuona pamene pakuthina. Malamulo ake akwane pa tsamba limodzi: malire a tsiku, nthawi ya onse, maola osunga ndi a ngongole, ndandanda ya makasitomala, ndi kusiyana kwa maola osungidwa ndi ovataimu. Inu a manijala, musanasayine tsambalo, tsegulani kalendala yanu ndipo musunthe msonkhano uliwonse wa 8 koloko ndi wa 4:30 kuti ulowe mu nthawi ya onse.