Kalata yochotsa munthu ntchito inene chimene chachitikadi

Kalata ziwiri zikhoza kuyamba mofanana, "Tikukudziwitsani kuti ntchito yanu yatha," koma ina n'kukhala yonena za mpando, inayo yonena za munthu wokhala pampandopo. Pamene kampani ikuchepetsa antchito, mpando ndi umene watha, munthuyo sanalakwe. Pamene munthu akuchotsedwa chifukwa chosagwira bwino ntchito, mpando ulipobe ndipo wina adzaukhala. Olemba kalata ambiri amasakaniza ziwirizi, ndipo wovutika ndi wantchito.

Lamulo la zantchito la Malawi la chaka cha 2000, m'gawo 57, limalola kuchotsa munthu pokhapokha pali chifukwa chomveka: kulephera ntchito, khalidwe lake, kapena mmene zinthu zikuyendera pakampani. Gawo lomwelo limati ngati chifukwacho chikukhudza kagwiridwe kantchito kapena khalidwe, munthu apatsidwe kaye mpata wodziteteza. Nkhani ikafika kubwalo, wolemba ntchito ndiye amene ayenera kuonetsa chifukwa chake, ndipo kalata ija ndi umboni woyamba.

Tiyerekeze mayi amene wakhala akulemba malisiti pagolosale yaikulu kwa zaka 7, ndipo malipiro ake a sabata ndi K60,000. Eni ake atseka nthambi imene iye amagwirako. Kalata yabwino inganene motere: "Mayi, nthambi yathu itsekedwa pa 30 Juni chifukwa malonda atsika, choncho ntchito yolemba malisiti panthambipo yatha. Monga tinakambirana pamsonkhano uja, tinayang'ana ngati pali malo kunthambi zina koma sanapezeke. Izi sizikukhudza kagwiridwe kanu kantchito." Chiganizo chomalizachi ndimaona kuti sichiyenera kusowa. Munthu amapita nayo kalata kunyumba, amaonetsa abale, mwina ndi bwana watsopano, ndipo ayenera kuyenda mutu uli m'mwamba.

Kenako kalatayo iwerengere ndalama poyera. Wolandira pamwezi amayenera notisi ya mwezi umodzi kapena malipiro ake m'malo mwake, kuphatikizapo masiku atchuthi amene sanapume. Palinso sevaransi, ndalama yoperekeza wochepetsedwa ntchito. Zaka zisanu zoyamba, chaka chilichonse chathunthu chimabala malipiro a masabata awiri. Kuyambira chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi, masabata atatu. Kupitirira apo, anayi. Mayi uja ndiye kuti ali ndi masabata 10 a zaka zoyambazo ndi 6 a zaka ziwiri zotsatira, onse pamodzi 16, zomwe ndi K960,000.

Tsono tiyerekeze kuti nthambi sinatsekedwe, koma mayiyo amasokoneza malisiti mwezi ndi mwezi. Apa kalata iyenera kukhala mathero a nkhani imene iye akuidziwa kale, osati mphezi ya m'chilimwe. Itchule chimene ankayembekezeka kuchita, pamene analephera, masiku amene anachenjezedwa, thandizo limene anapatsidwa ndi nthawi imene anapatsidwa kuti asinthe. Itchulenso tsiku limene anaitanidwa kuti afotokoze mbali yake, ndi zimene anayankha. Mawu ngati "simukutisangalatsa" alibe ntchito; lembani kuti "malisiti a Malichi ndi Epulo sanagwirizane ndi ndalama za m'kabati, ngakhale munaphunzitsidwanso mu Febuluwale." Chiyambireni kusintha kwa lamulo mu 2010, wochotsedwa mwachilungamo pa chifukwa chotere salandira sevaransi. Kwa mayi athuwa, kusiyana kwa kalata ziwirizi ndi K960,000 ija.

Chinyengo chimalowera pamenepa. Bwana amene malonda amuvuta amatha kukumba zolakwa zakalekale, n'kulemba kuti wantchito walephera ntchito, pofuna kuzemba sevaransi. Mumazindikira msanga: palibe chenjezo lolembedwa, palibe msonkhano womva mbali yake, ndipo anthu angapo "alephera" tsiku limodzi. Bwana wina amachita motembenuza. Poopa kuuzana zoona maso ndi maso, kapena poganiza kuti akuchita chifundo, amalemba kuti mpando watha, kenako pakangopita milungu iwiri n'kulemba munthu wina ntchito yomweyo. Chifundo chotere sindichivomereza, chifukwa chimalanda munthu mpata wodziteteza ndi wokonza zolakwa zake. Njira zonse ziwiri zikhoza kugamulidwa kuti ndi kuchotsa munthu mopanda chilungamo, ndipo pamenepo kampani imalipira chipepeso pamodzi ndi sevaransi yomwe inkathawa.

Inu amene mwalandira kalata yosanena chifukwa, kapena yonena chimene mukudziwa kuti si choona, isungeni bwino pamodzi ndi mapepala a malipiro. Kadandauleni ku ofesi ya leba ya m'boma lanu miyezi itatu isanathe kuchokera tsiku limene munachotsedwa. Ikakanika kumeneko, nkhaniyo imapita kukhoti la milandu ya zantchito.